Pulesha imatsika kapena imatayika? Mawu ofotokozera pampu ndi machubu oziziritsira

Funso: "Ndimaphunzitsa achinyamata ntchito za mapampu ndi mapaipi. M'kabuku kathu ndalemba kuti: 'Mukawonjezera mphamvu ya madzi m'machubu, kutentha kumachuluka koma mphamvu imatayika.' Ophunzira sakumva. Chiganizochi chalakwika pati, ndipo f uja ndimutchule bwanji?"

Aphunzitsi, liwu lakuti mphamvu mwalisenzetsa katundu wambiri. Poyamba likutanthauza liwiro la madzi, kachiwiri pulesha, ndipo wowerenga angaganizenso za magetsi amene mota ikudya. Zinthu zitatuzi zimakula mosiyana kwambiri, ndiye chilichonse chikhale ndi dzina lake. Liwiro ndi mamita pa sekondi. Pulesha ndi imene geji imaonetsa. Mphamvu muisungire mawati okha.

Pa pulesha nenani kuti imatsika. Kutayika kumapereka chithunzi cha madzi akudontha pa jointi, ndipo mwana adzayamba kufunafuna pobooka pomwe palibe. Kugwa n'kwa mwadzidzidzi, monga pampu ikazima. Chimene mukufotokoza n'chakuti geji ya polowera imawerenga zambiri kuposa ya potulukira chifukwa madzi akukhulana ndi khoma la chubu njira yonse. Kumeneko ndiye kutsika kwa pulesha. Naye f, wa m'masamu owerengera kutsikako, mungamutche nambala ya kukhulana. Alibe muyeso ngati mita kapena kilogalamu, ndi nambala chabe.

"Kutentha kumachuluka" nakonso n'kosokoneza, popeza wina angamve kuti madziwo atuluka otentha kwambiri. Zoona zake, madzi oziziritsira akathamanga amatuluka ozizirako kuposa kale, chifukwa adutsa ambiri ndipo agawana kutenthako. Chimene chachuluka ndi kutentha kowoloka khoma la chubu pa sekondi iliyonse. Ine ndimakonda mneni ameneyu, kuwoloka, kuposa kusinthana, pakuti kutentha kumapita mbali imodzi yokha, kuchoka kotentha kupita kozizira.

Tiyeni tiyese mawuwa pa chubu chenicheni (timati chubu cha, machubu a, monga timanenera za machubu a njinga). Chikhale chosalala, cha mamilimita 20 m'kati, chotalika mamita 5, ndipo mudutse madzi a madigiri 20. Masamu ake ndi awa, pamene Re ndi nambala ya Reynolds, ρ ndi kulemera kwa madzi pa kiyubiki mita, v ndi liwiro, D ndi kukula kwa chubu m'kati, μ ndi kunanda kwa madzi, ΔP ndi kutsika kwa pulesha, L ndi kutalika kwa chubu, Q ndi madzi odutsa pa sekondi, ndipo P ndi mphamvu:

```
Re = ρ v D / μ
f  = 0.316 / Re^0.25
ΔP = f (L/D) ρ v² / 2
P  = ΔP × Q
```

Madzi akamayenda mita imodzi pa sekondi, nambala ya Reynolds ndi 20,000, ndiye kuti akuyenda movunduka, ndipo f ndi 0.0266. Pulesha imatsika ndi makilopasikali 3.3. Chubucho chikudutsitsa malita 0.314 pa sekondi, choncho mphamvu yokankhira madziwo ndi wati imodzi ndi kanyenyeswa. Mukawirikiza liwiro kufika mamita 2 pa sekondi, Reynolds amafika 40,000, f amatsikira pa 0.0223, koma pulesha imatsika ndi makilopasikali 11.2 ndipo mphamvu imafika mawati 7.

Apa ndi pamene chinenero chimapusitsa anthu ambiri. Wophunzira akaona f watsika amalemba kuti "kukhulana kwachepa". Ayi ndithu. Nambala ndiyo yachepa, ndi pafupifupi 16 pa 100 alionse, koma ikuchulukitsidwa ndi v², amene wakula kanayi. Kukhulana kwenikweniko kwakula koposa katatu. N'chifukwa chake liwu lakuti nambala lisamasiyidwe m'dzinalo, ngakhale likutalikitsa chiganizo. Mphamvu ya pampu yakula pafupifupi ka 7 chifukwa yalipira kawiri: pulesha yofunika yakwera ka 3.4, ndipo madzi oti akankhidwe awirikiza.

Nanga chimene mwapindula n'chiyani? Kawolokedwe ka kutentha pakati pa khoma ndi madzi a m'chubu timakayeza ndi h, ndipo tingamupeze ndi masamu a Dittus ndi Boelter:

```
Nu = 0.023 Re^0.8 Pr^0.4
h  = Nu k / D
```

Tikatenga Pr, nambala ya Prandtl ya madzi, kukhala 7 ndi k, kadutsidwe ka kutentha m'madzimo, kukhala 0.6, h amachoka pa 4,150 kufika pa 7,220, kuwerengera mawati pa sikweya mita pa digiri imodzi. Wakula ka 1.74 basi. Walira mvula walira matope, koma pano matope achuluka kuposa mvula. Ndipo phindu lenileni n'lochepa kuposa pamenepa, chifukwa kutentha kuyenera kudutsanso mbali ya kunja kwa chubu. Tiyerekeze kuti kunjako h ndi 3,000, khoma la chitsulo tiliiwale kaye. Nambala ya njira yonse, U, timaipeza ndi 1/U = 1/h ya m'kati + 1/h ya kunja. Imachoka pa 1,740 kufika pa 2,120, kukwera ndi 22 pa 100 alionse. Ngati chipangizo choziziritsira chili ndi machubu 100 ndipo pampu imapereka kumadzi magawo 70 mwa 100 a mphamvu imene yalandira, mphamvu yofunika pa machubu okhawo yachoka pa mawati 150 kufika pa 1,000. Mbali ya kunja ikakhala ndiyo yotsekereza, monga pamene kunjako kuli mafuta olemera kapena mpweya, kuthamangitsa madzi a m'kati n'kungodyetsa mita ya magetsi.

Samalani ndi f, ali pawiri. Wa Darcy, amene tagwiritsa ntchito pano ndiponso ali pa tchati cha Moody, ndi wamkulu kanayi kuposa wa Fanning. Pozindikira n'posavuta: onani mzere wa madzi oyenda mwabata, Reynolds asanafike 2,300. Pakalembedwa 64/Re ndi wa Darcy, pakalembedwa 16/Re ndi wa Fanning. Mukasakaniza, pulesha yanu ilakwika kanayi ndipo pampu yogulidwa idzakhala yochepa kapena yokula mopanda pake. M'kabukumo lembani dzina lonse nthawi zonse: nambala ya kukhulana ya Darcy.

Musawaphunzitsenso kuti liwiro lochepa ndilo labwino nthawi zonse. Madzi akamayenda mwaulesi, matope amadikha ndipo zoyanga zimakanirira msanga kukhoma, makamaka madzi akakhala a pamjigo okhala ndi laimu wambiri. Zoyanga za milimita imodzi zokha zimachepetsa chubu chathu kufika mamilimita 18, ndipo kuti padutse madzi ofanana ndi akale, kutsika kwa pulesha kumakula ka 1.65, tisanawerengere kukhakhala kwa zoyangazo. Pa nthawi yomweyo zoyangazo zikutchinga kutentha. Chizindikiro chake m'fakitale n'chodziwika: kusiyana kwa mageji awiri aja kukukula sabata ndi sabata pamene chinthu choziziritsidwa chikutuluka chikadali chotentha. Pakatero mankhwala ake ndi kutsuka machubu, osati kutsegulanso valavu. Liwiro likapitirira nalonso limaperepesa machubu a kopa, makamaka polowera. N'chifukwa chake amisiri ambiri amasunga madzi a m'machubu pakati pa mita imodzi ndi mamita 2.5 pa sekondi, malinga ndi chitsulo chake.

Chiganizo chanu chija chilembeni motere: "Mukawirikiza kawiri liwiro la madzi m'machubu, kutentha kumawoloka mofulumirako, koma kutsika kwa pulesha kumakula koposa katatu ndipo mphamvu ya pampu imakula pafupifupi ka 7." Pansi pake muwauze awerengetsere okha liwiro la mamita 1.5. Akapeza pulesha yotsika ndi makilopasikali pafupifupi 6.8 ndi mphamvu ya mawati 3.2 pa chubu chimodzi, masamu awo ali bwino.