Mutu wa katundu wanu uyambe ndi mawu amene wogula amalemba

"Ine ndili ku Katete, ndimagulitsa nsapato za ana a sukulu, zina za salaula zina zatsopano. Ndimaziika pa Facebook Marketplace koma anthu sakuziona, akandifunsa ndiye ndi saizi basi tsiku lonse. Kodi pa mutu paja ndiyambe ndi chani, dzina la kampani kapena saizi kapena kuti ndi za sukulu?"

Asisi, funso lanuli landikumbutsa zanga, ndiye mundilole ndiyambire kutali pang'ono.

Ine ndinayamba ndi zitenje za azakhali anga amene ali ndi tebulo ku msika wa Kapata ku Chipata. Iwo za foni sazikonda, anangoti mwana wanga jambula uziike uko mumaika zinthuko. Ndinajambula bwino ndithu, m'mawa dzuwa lisanakwere, nsalu nditayala pa mphasa, kenako pa mutu ndinalemba "ZAFIKA ZAFIKA!!! Zokongola zedi" ndikuika timitima. Masabata atatu anatha, amene anandilembera anali awiri okha ndipo onse anali anthu a kumpingo kwathu amene amandidziwa kale. Zinandiwawa chifukwa azakhali ankandifunsa madzulo aliwonse ndikapita kukawathandiza kulongedza, ine nkumangoti tidikire. Tsiku lina ndinatenga foni ya mng'ono wanga, ndinalowa pa Marketplace ngati wogula nkulemba "chitenje" pofufuzira paja. Zitenje za anthu ena zinabwera mndandanda, za ku Lusaka zomwe, zanga osaoneka. Ndipamene ndinaona kuti pa mutu wanga wonse panalibe mawu oti chitenje ngakhale kamodzi.

Vuto lake nlimenelo. Pofufuzira paja pamatenga mawu amene wogula walemba nkuwafananitsa ndi mawu amene inu munalemba, makamaka a pa mutu. Palibe mayi amene amadzuka nkulemba "zafika" kapena "zokongola" akufuna nsapato za mwana. Amalemba "school shoes", wina "Toughees", wina "school shoes size 5". Ndipo kunoko ambiri amalemba mu Chingerezi ngakhale kunyumba timayankhula Chinyanja, ndiye mutu muulembe mmene iwo amalembera, Chinyanja chanu chokoma chija muchiike m'munsi pofotokozera.

Chachiwiri ndi foni. Katundu akamaoneka pa mndandanda, zithunzi ziwiriziwiri, mutu umadulidwa, munthu amangoona mawu oyamba ochepa kenako timadontho. Ngati mawu oyambawo mwawononga ndi "Brand new stock just arrived" ndiye kuti wogula waona chithunzi ndi mtengo basi, saizi yabisala. Ine pano ndimakwiya nazo ndithu ndikaona zilembo zikuluzikulu ndi timoto pa mutu, chifukwa ndimadziwa kuti kumbuyo kwake kuli munthu amene wagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo ndipo akudikira foni ilire. Timitima ndi timoto tichoke pa mutu. Nambala ya foni ichoke. Mtengo uli ndi malo ake, musaubwerezenso pamenepo.

Nditakonza mutu wa zitenje zija ndinalakwitsanso kwina. Ndinalemba "Chitenje cotton" pa zonse osayang'ana, ndipo sindinalembe kutalika. Mayi wina anabwera kuchokera cha ku Mwami, analipira thiransipoti yake, akuganiza kuti ndi nsalu yathunthu ya mayadi 6 yoti asoketse diresi ndi duku, anapeza ndi ya mamita 2 yongomanga m'chiuno. Atagwira nsaluyo anaitikita pakati pa zala nkunena kuti mwana wanga iyi si kotoni. Azakhali anasolola kaulusi m'mphepete nkuyatsa machesi, kaulusi kaja kanasungunuka nkupanga kampira kolimba kakuda. Kotoni weniweni amapsa ngati pepala nkusiya phulusa lofewa. Inali poliyesita. Mayi aja sanakalipe, anangopukusa mutu nkumapita, koma ine mpaka lero ndimawakumbukira ndikamalemba mutu uliwonse. Mawu onena chimene katundu anapangira si okometsera ayi, mukalemba ndiye kuti mwalonjeza.

Kwa inu a nsapato ndiye nkhani ya chikopa. Nsapato zambiri za salaula zochokera ku Ulaya zimakhala ndi kachizindikiro mkati kapena pa lilime lake: kachithunzi kooneka ngati chikopa cha ng'ombe choyala ndiye kuti ndi chikopa, kooneka ngati dayamondi ndiye kuti ndi zinthu zina monga pulasitiki. Yang'anani kaye musanalembe "leather". Ngati simukutsimikiza musalembe, kholo likagula nsapato nkusupuka temu isanathe silibweranso, ndipo ku Katete kuja anthu amadziwana.

Manje dongosolo lake

Ngati nsapato ili ndi dzina limene anthu amalifuna okha, liyambe ndilo. Bata Toughees makolo amaidziwa, amailemba yomweyo pofufuza, ndiye ikhale patsogolo. Kenako chinthucho ndi chani, kenako chimene anapangira, saizi, ndipo kumapeto za ndani ndi mtundu. Chonchi:

Bata Toughees school shoes leather size 5 boys black

Zilembo 52 zokha pamodzi ndi mipata, ndipo ngakhale foni idule pakati wogula waona kale dzina ndi kuti ndi za sukulu. Ngakhale pa eBay, msika wina wa pa intaneti, pamene amalola zilembo 80 zokha mutu umenewu ukwana bwino. Muona kuti ntchito yake, yoti ndi za sukulu, sinapite kumapeto chifukwa "school shoes" ndi dzina la chinthucho mmene anthu amachitchulira, simungazilekanitse.

Koma ngati dzina la kampani ndi lachilendo lija la m'belo limene inuyo simungalitchule nkomwe, musaliike patsogolo, likungodya malo. Yambani ndi chinthucho ndipo saizi muibweretse pafupi: "School shoes size 3 girls leather black used". Mawu oti "used" pa salaula musawabise. Ndipo chonde musalembe Toughees pa nsapato imene si Toughees kuti anthu akupezeni, adzakupezanidi koma adzabwera okwiya.

Za saizi ndiye pamene pali mafunso amene akukutopetsaniwo. Nsapato ya salaula imakhala ndi manambala awiri kapena atatu, UK, EU ndi US. Ife tinazolowera UK, koma makolo ena amangodziwa nambala ya EU imene ili pa nsapato yakale ya mwana, ndiye ngati zonse zalembedwa ikani ziwiri, monga "UK 5 EU 38", mukopere zimene zili pa nsapatoyo osati za m'mutu. Chinanso, saizi za ana za UK zimafika 13 nkuyambiranso pa 1, ndiye "size 10" ikhoza kukhala ya kamwana kakang'ono kapena ya bambo wamkulu. Lembani "kids 10". Peyala iliyonse ya salaula ikhale ndi positi yakeyake ndi saizi yake pa mutu, musaunjike mapeyala khumi pa mutu umodzi woti "all sizes", chifukwa amene walemba "size 4" sadziwa ngati muli nayo ndipo mubwereranso kuja koyankha saizi tsiku lonse.

Mukasintha, bwerekani foni ya wina, lembani pofufuzira mawu amene kholo lingalembe muone ngati nsapato zanu zikubwera ndiponso pamene mutu wadukira. Ngati saizi sikuoneka isendezeni kutsogolo. Chitani izi Januware asanafike, masukulu akamatsegulira makolo amafufuza mothamanga.