Milalang'amba Ikawombana

"Kodi milalang'amba iwiri ikawombana, nyenyezi zake zimaphwanyika?"

Ayi achimwene, nyenyezi zimangodutsana, chifukwa n'zotalikirana kwambiri. Zowombana zenizeni ndi mitambo ya mpweya ndi fumbi. Ikapanikizana imabala nyenyezi zatsopano zambirimbiri, mpweyawo n'kutha msanga. Pamenepo mphamvu yokoka imakhala ikusokoneza njira za nyenyezi zakale, moti mikono yopindika ya milalang'ambayo imatambasuka n'kukhala michira italiitali, mlalang'amba n'kusowa maonekedwe enieni. Iwiriyo ikadzaphatikana pamatsala umodzi wobulungira ngati dzira, wofiirira, wosabalanso nyenyezi kwenikweni.

Mu Novembala kwerani phiri la Zomba usiku wopanda mwezi, muyang'ane kumpoto. Kachifunga kotuwa mukaoneko ndi mlalang'amba wa Andromeda, umene ukutiyandikira pa liwiro la makilomita pafupifupi 110 pa sekondi.