Rutu seva sidziwa adiresi ya tsamba lanu

"Zikomo achimwene. Ndine wophunzira zamakompyuta, kwathu ndi ku Luchenza. Tandionereni ngati ndalondola pa DNS, njira yomwe kompyuta imapezera adiresi ya tsamba: ndikalemba www.example.com, kompyuta yanga imafunsa rutu seva. Rutu seva ikakhala kuti sikudziwa, imatumiza funsolo kwa seva ya .com, iyonso imapatsira seva ya mwini tsamba, yankho n'kubwerera njira yomweyo mpaka kwa ine. Ma rutu seva alipo 13 padziko lonse. Ndakhoza?"

Achemwali, maseva mwawatchula bwino, ndondomeko yake ndi yomweyo. Chomwe chasowa ndi munthu mmodzi wofunika kwambiri pankhaniyi, ndipo kusowa kwakeko kwapotoza zina zonse.

Kompyuta yanu silankhula ndi rutu seva. Imayamba yadzifufuza yokha: bulawuza imasunga mayankho a posachedwa, nayo kompyuta imasunga ake, komanso pali fayilo ya `hosts` yomwe munthu angalembemo dzina ndi adiresi pamanja. Zikakanika apo, imatumiza funso limodzi lokha kwa seva yotchedwa rizova. Kawirikawiri imakhala ya kampani yomwe mumagulako bandulo, pokhapokha mutaika ina nokha, monga 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1. Ikatero kompyuta yanu imangokhala phee kudikira.

Pachiwiri ndi pomwe ndikadakuchotserani malikisi ambiri. Maseva sapatsirana funso ngati ndowa pamzere. Tiyerekeze mwatuma wakabaza wa pa Chitakale kuti akakupezereni nyumba ya munthu wina. Afika kwa mfumu yaikulu, mfumu iti, "Ameneyo sindikumudziwa, koma dera limenelo ndi la agulupu akuti." Mfumu sidzuka pampando kukafunsa agulupu. Wopalasa ndi wakabaza yemweyo. Agulupu nawo amulozera kwa nyakwawa, nyakwawa ndiye anena kuti nyumba yake ndi iyo ili kuseri kwa munda wa nanazi. Rizova ndiye wakabazayo. Imafunsa rutu, rutu imangoyankha mayina a maseva a .com. Imafunsa seva ya .com, iyo imapereka mayina a maseva oyang'anira example.com. Imafunsa imodzi mwa amenewo, apo ndiye imalandira rekodi ya `A`, yomwe ili ndi adiresi ya IPv4, kapena ya `AAAA` ngati yafunsa ya IPv6.

Chotsaninso mawu oti "ikakhala kuti sikudziwa". Rutu sisunga adiresi ya tsamba lanu ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yake n'kudziwa amene akuyang'anira .com, .org, .mw ndi mathero ena otere, basi.

Musangokhulupirira ine. Pa Linux lembani:

```
dig +trace www.example.com
```

Apa `dig` ikudzisandutsa wakabaza. Muona chigawo choyamba cha mizere ya `NS` yotchula a.root-servers.net mpaka m.root-servers.net, kenako china chotchula a.gtld-servers.net ndi anzake, kenako maseva a example.com, yankho lenileni kumapeto. Pansi pa chigawo chilichonse pali mzere wokhala ndi mawu oti `Received` wonena seva yomwe yayankha. Dzina la seva likusintha, wofunsa ndi mmodzi yemweyo.

Za 13 zija mwakhoza theka. Mayina ndiwo alipo 13, kuyambira a mpaka m, koma kuseri kwake kuli makina mazanamazana m'mayiko ambiri, ogwiritsa ntchito adiresi zomwezo, ndipo funso limagwera pa makina omwe njira ya netiweki yawaona kuti ali pafupi.

China chomwe simunachitchule n'komwe ndi kukumbukira. Wakabaza akapita kwa agulupu lero, mawa sayambiranso kwa mfumu yaikulu. Yankho lililonse limabwera ndi nambala ya TTL, masekondi omwe rizova ikuloledwa kulisunga. Mizere ya .com yochokera ku rutu imakhala ndi 172800, omwe ndi masiku awiri athunthu. Choncho pa mafunso ambiri rizova sifika n'komwe ku rutu. Lembani `dig www.example.com` kawiri motsatizana, mopanda `+trace`. Ngati yakuyankhani ndi rizova yomweyo, nambala ya pambuyo pa dzina ikhala itatsika ulendo wachiwiri, ndipo `Query time` ichepa.

Ine zimenezi zinandilowa m'mutu nditasamutsa tsamba la kagulu kena ka alimi a tiyi kupita pa seva yatsopano. Pa foni yanga linkatseguka latsopano, pa laputopu ya mlembi wawo likubwerabe lakale, iye n'kumandiimbira kuti ndawononga zinthu. Panalibe chowonongeka. TTL inali 86400, tsiku lathunthu, ndipo rizova yake inali isanaiwale adiresi yakale. Ndikadaitsitsa kufika pa 300 kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti ndisamutse, tikadangodikira mphindi zisanu.

Mukamalembanso, ikani rizova pakati pa chojambula chanu, mivi itatu ichoke pa iyo n'kubwereranso pa iyo. Kuchokera pa kompyuta yanu pakhale muvi umodzi wopita ndi umodzi wobwera.