Malonje ndi kutsanzika m'kalata yopita kwa mfumu, abusa ndi pulofesa

"Ndine mlembi wa komiti ya sukulu. Andituma kulemba makalata oitana mfumu yaikulu, abusa ndi pulofesa wina kumwambo. Kodi onsewa ndingowalembera kuti 'Wokondedwa Bambo'? Nanga kumapeto ndilembe chiyani?"

Ayi, alembi. "Wokondedwa Bambo" ndi ya munthu amene simukudziwa dzina kapena udindo wake. Atatuwa mukuwadziwa, ndiye aliyense alandire ulemu wa mpando wake.

Yovuta kwambiri ndi ya mfumu. Mfumu siitchulidwa dzina lake lobadwa nalo, koma laufumu. Pakeyala yachiwiri, ya wolandira kalata, lembani udindo, dzina laufumu, kenako likulu lake ndi boma: "Mfumu Yaikulu Uje". Yambani mwafunsa kwa alembi a mfumuyo kuti ili pamlingo uti, chifukwa nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu ndi mipando yosiyana, ndipo kuitsitsa mfumu ndi sitepe imodzi yokha kumaoneka ngati chipongwe. Mafumu ena ali ndi maina aulemu awoawo amene sasinthidwa: Inkosi ya Makhosi Gomani, Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, Kalonga Gawa Undi, Themba la Mathemba Chikulamayembe. Pamalonje lembani "Gogo Chalo," kapena "Olemekezeka Mfumu,". Mawu oti "wokondedwa" asiyeni, akumveka ngati mukulembera mnzanu. Komanso kalata yopita kwa mfumu yaikulu isadumphe mafumu aang'ono: pansi pa keyalayo onjezani "Kudzera kwa: Gulupu Uje", ndipo gulupuyo asainire ndi kudindapo isanapitirire.  Potsanzika: "Ine mwana wanu,".

Kwa abusa, onani kaye mpingo. "Abusa Uje" ndi mawu a mipingo ngati CCAP ndi ya chipentekoste. Wansembe wa Katolika ndi "Bambo Uje", woyang'anira parishi ndi "Bambo Mfumu", episkopi ndi "Ambuye". Ngati ndinu wa mpingo wawo, tsekani ndi "Ine wanu mwa Ambuye,". Koma poti mukulemba m'dzina la sukulu, "Ine wanu wokhulupirika," ndiyo yoyenera.

Pulofesa savuta: "Olemekezeka Pulofesa Uje," ndi dzina la bambo lokha, osati loyamba. Musaunjike kuti "Bambo Pulofesa Dokotala". Upulofesa wakwirira kale zinazo, ndipo sumasintha kaya ndi mayi kaya ndi bambo. Apanso tsekani ndi "Ine wanu wokhulupirika,".

Chimene ambiri amaphonya ndi m'kati mwa kalata: ayamba ndi "Gogo Chalo" kenako n'kulemba kuti "ubwere". Ulemu ukhale umodzimodzi mpaka pansi: "inu", "tikukupemphani", "mudzakhale nafe". Mukatsanzika ikani mpatuliro, sainani, pansi pake dzina lanu lonse m'malembo aakulu, kenako udindo: "Mlembi wa Komiti ya Sukulu". Dzina lanulo musaliyambe ndi "Bambo" kapena "A", munthu sadzilemekeza yekha. Ngati ndinu mayi ndipo mukufuna adziwe pokuyankhani, lembani "Mayi" m'mikutiramawu kumapeto kwa dzinalo.