CV yamakolamu awiri ikusokonekera pa intaneti: muimange bwanji mwatsopano?

"Achimwene, ndine wothandizira akauntanti kuno ku Lilongwe. CV yanga ndinapangira pa Canva: kumanzere kuli chithunzi, nambala ya foni ndi maluso, kumanja kuli ntchito zomwe ndagwirapo. Dzana ndimafunsira ntchito ku bungwe lina pa intaneti, ndipo nditaika CV, fomu inadzidzaza yokha zosokonekera, moti pamalo pa dzina la kampani panali Excel. Kodi ndi chifukwa chake sindiitanidwa ku intavyu? Ndiikonze bwanji?"

Achemwali, fomu imeneyo inakuchitirani zabwino, chifukwa inakuonetsani zomwe anthu ambiri saona: mmene makina akuwerengera CV yanu. Mabungwe akuluakulu ndi makampani akunja amalandirira makalata ofunsira ntchito m'mapulogalamu otchedwa ATS, monga Workday, Taleo, SuccessFactors, Greenhouse ndi iCIMS. Mukaika fayilo, pulogalamu imasolola mawu onse nkuwayala mumndandanda umodzi, kenako imayesa kuzindikira kuti dzina ndi liti, udindo ndi uti, masiku ndi ati, nkuika chilichonse m'kabokosi kake. Mitundu, mizere ndi kukongola kwa tsamba siziona. Chomwe imadalira ndi ndondomeko ya mawu, kuti awa akubwera pambuyo pa ati.

Makolamu awiri amaononga ndondomeko imeneyi. Diso lanu limadziwa kuti liyambe latsika kumanzere kenako lipite kumanja, koma mapulogalamu ena amadutsa tsamba lonse mopingasa, mzere ndi mzere, nkulumikiza zakumanzere ndi zakumanja ngati chiganizo chimodzi. Ena amatsata mmene timabokosi tinaikidwira mufayilo, ndipo pa Canva kabokosi kalikonse kamaima pakokha, choncho komwe munaika komalizira kakhoza kutulukira malo ena alionse. Mapulogalamu atsopano ena amawakwanitsa makolamu, koma inu simungadziwe kuti bungwe lomwe mukufunsirako lili ndi iti.

Musanasinthe kanthu, yambani mwaona vutolo ndi maso anu. Tsegulani PDF yanu pa kompyuta, dinani `Ctrl+A` kenako `Ctrl+C`, mutsegule Notepad nkudina `Ctrl+V`. Mwa zomwe mwafotokoza, ndikuyembekeza kuti muona zofanana ndi izi:

```
SKILLS WORK EXPERIENCE
Excel Accounts Assistant
Sage Jan 2021 - Present
Payroll Prepared monthly bank
```

Apa mpomwe Excel inalowera pamalo pa kampani: inapezeka pafupi ndi udindo wanu, pomwe pulogalamu imayembekezera dzina la olemba ntchito. Onaninso zomwe zasowa. Timizere tosonyeza kuti Excel mumaidziwa kwambiri kuposa Sage ndi zojambula chabe, sitituluka. Kachizindikiro ka foni ndi ka envulopu kamasowa kapena kamasanduka kabokosi kopanda tanthauzo. Ndipo ngati mwadina `Ctrl+A` koma palibe liwu lomwe lasankhidwa, ndiye kuti PDF yonse ndi chithunzi. Zimenezi zimachitika CV ikasindikizidwa nkusikanidwanso ku kafe, ikajambulidwa ndi foni, kapena mukachonga Flatten PDF poitsitsa pa Canva. Fayilo yotere mapulogalamu ambiri amaiona ngati tsamba lopanda kanthu. Notepad si ATS, koma ngati zasokonekera kumeneko, musayembekezere kuti kwinako zikalongosoka zokha.

Langizo langa lalikulu ndi ili: templeti yakaleyo musalimbane nayo. Kufufuta kolamu imodzi nkukokera zotsala pakati kumasiya timabokosi ndi matebulo obisika momwemo. Zili ngati kupaka laimu pakhoma long'aluka. Tsegulani fayilo yatsopano mu Word kapena Google Docs, muyambire pa tsamba loyera. Mawu muwatenge mu Notepad muja, chifukwa kumeneko avulidwa kale zokongoletsa zonse. Mukatenga kwina, matani posankha Keep Text Only mu Word, kapena `Ctrl+Shift+V` mu Google Docs.

Tsamba likhale A4, m'mphepete musiye pa Normal, yomwe ndi masentimita 2.54 mbali zonse. Sankhani mtundu umodzi wa zilembo, Calibri kapena Arial, saizi 11, dzina lanu pa 16. Dzina, foni ndi imelo zikhale mizere yoyambirira ya tsamba lenilenilo, osati mu Header. Ambiri amaika kumeneko kuti zioneke pa tsamba lililonse, koma mapulogalamu ena salowa mu Header ndi Footer, ndiye CV imafika yopanda nambala yoti akuimbireni. Nambala mulembe yoyamba ndi +265, ndipo imelo muilembe yonse ngati mawu.

Mitu ya zigawo ikhale yomwe aliyense amaidziwa: Summary, Work Experience, Education, Skills, Certifications, Referees. Matempleti amakonda mitu ngati My Journey kapena What I Bring, koma pulogalamu imazindikira poyambira chigawo pofananitsa mutu ndi mayina omwe inazolowera. Mu Word, mutu uliwonse muupatse Heading 1 kuchokera mu Styles, mtundu ndi saizi mukhoza kusintha mmene mukufunira.

Pomwe muyenera kukhalitsa ndi pa chigawo cha ntchito, chifukwa mpomwe makina amatenga udindo, kampani ndi kutalika kwa nthawi yomwe mwagwira. Ntchito iliyonse ilembedwe mofanana, yatsopano pamwamba:

```
Accounts Assistant
Employer Name, Lilongwe
January 2021 - Present
- Prepared monthly bank reconciliations in Sage
- Processed payroll, PAYE and pension deductions
```

Taonani kuti udindo uli pamzere wake, kampani ndi tauni pamzere wake, masiku pamzere wake. Ndikudziwa kuti kuika masiku kumanja kwenikweni kumaoneka bwino, ndipo ambiri amachita zimenezi ndi tebulo lopanda mizere kapena podina mpata kambirimbiri. Ngati mukuzifunitsitsa, gwiritsani ntchito Right Tab pa rula, koma ine ndimakonda mizere itatu yosiyana chifukwa palibe chingasokonekere. Masiku akhale ndi mwezi ndi chaka, m'kalembedwe kamodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukalemba 2021 - 2022 basi, palibe angadziwe ngati inali miyezi iwiri kapena zaka ziwiri, ndipo mapulogalamu ena amawerengetsera okha zaka zomwe mwagwira kuchokera pa masiku amenewa. Ngati munakwezedwa pa kampani yomweyo, lembani maudindo awiri padera, uliwonse ndi dzina la kampani komanso masiku ake. Timadontho toyambira mizere mugwiritse ntchito batani la Bullets, osati timivi kapena tinyenyezi tochokera mu Symbols.

Za kolamu yakumanzere ija zimapita kuti? Maluso apite pansi pa Skills, olembedwa mumzere wamba nkulekanitsidwa ndi makoma. Timizere toyeza luso titayeni, ndipo musadandaule nato: luso limaoneka bwino mukanena zomwe munachita nalo, monga mu chitsanzo chija pomwe Sage yatchulidwa pamodzi ndi ntchito yomwe inagwira. Zilankhulo mulembe ndi mawu, monga Chichewa (native), English (fluent). Chithunzi chichoke, pokhapokha ngati otsatsa ntchito achipempha. Mukamafunsira ntchito ku Britain, kumeneko chithunzi pa CV sachiyembekezera n'komwe.

Mukasamutsa zonse, muona kuti zomwe zinkakwana tsamba limodzi zafika masamba awiri kapena atatu. Masamba awiri ali bwinobwino. Akapitirira, musachepetse zilembo kufika pa 9, chepetsani nkhani. Ma CV athu ambiri amayamba ndi chigawo chachitali cha tsiku lobadwa, chipembedzo, ngati muli pabanja, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Pa ntchito za pa intanetizi, zomwe bungwe likufuna pa zimenezi limafunsa lokha pa fomu, choncho malowo apatseni ntchito zomwe mwagwira. Ngati muli ndi dipuloma kapena digiri, MSCE ikwana mzere umodzi, sipafunika kundandalika maphunziro onse ndi mapointi ake pokhapokha atapempha.

Pali chinanso chomwe kuyala bwino tsamba sikungakuchitireni. Wolemba anthu ntchito amafufuza mu pulogalamu ndi mawu, monga mmene mumafufuzira dzina mu foni. Ngati chidziwitso cha ntchito chalemba bank reconciliation ndipo inu mumachitadi zimenezo, lembani mawu omwewo, osati balancing the books. Mayina achidule muwalembe njira zonse ziwiri kamodzi, monga Value Added Tax (VAT), chifukwa simudziwa kuti afufuza ndi iti. Mudzamva ena akunena kuti mumate chidziwitso chonse cha ntchito pansi pa CV ndi zilembo zoyera kuti zisaoneke. Chonde musatero. Mwaona kale mu Notepad kuti mtundu umachoka nkutsala mawu okhaokha, ndiye wowerengayo amaziona zonse, ndipo amasiya kukukhulupirirani.

Mukamaliza, dinani `Ctrl+Shift+8` mu Word kuti muone zizindikiro zobisika. Madontho ambirimbiri otsatizana amaimira mipata yomwe munadina pokankha mawu, ifufuteni. Posunga, tsatirani zomwe otsatsa ntchito anena. Ngati sananene, .docx imawerengedwa bwino pafupifupi kulikonse, ndipo PDF yochokera mu Save As ya Word nayonso ili bwino chifukwa mawu ake amakhalabe mawu. Fayilo muipatse dzina lomveka ngati `Dzina-Lanu-CV.docx`. Kenako bwerezani mayeso a Notepad aja: dzina libwere poyamba, foni ndi imelo zioneke, ntchito iliyonse iwerengeke kuchokera pa udindo mpaka pa kadontho komaliza popanda chachilendo kulowerera.

Tsono za intavyu. Sindingakuuzeni kuti makolamu ndiwo okha akutsekerezani, chifukwa sizingakhale zoona. Nthawi zambiri pulogalamu siitaya CV chifukwa cha maonekedwe. Imasunga fayilo yanu, ndipo munthu akhoza kuitsegula nkuiona mmene munaipangira. Chimene chimachitika nchakuti mbiri yanu mkatimo imakhala yoperewera kapena yolakwika, ndiye akafufuza kapena akasefa, dzina lanu silibwera msanga, ndipo pomwe ofunsira ali ambiri, sangatsegule fayilo iliyonse. Chomwe chimachotsadi munthu pompopompo ndi mafunso a pa fomu, monga ngati mwagwira ntchitoyo zaka zomwe akufuna, ngati muli ndi pepala lomwe akufuna, kapena chilolezo chogwira ntchito m'dzikolo. Amenewo muwawerenge mofatsa.

Choncho ngakhale ndi CV yatsopanoyi, fomu ikadzidzaza yokha musathamangire kudina Submit. Yendani kabokosi ndi kabokosi, mukonze pamanja pomwe udindo, kampani kapena mwezi zalakwika, ndipo pomwe akufunsa ntchito zomwe mwagwira musalembe See CV, chifukwa zomwe zili m'mabokosiwo ndizo amasefera. Ya pa Canva ija musaifufute. Ikhoza kugwirabe ntchito pomwe mukukapereka kalata pamanja kapena kutumiza pa imelo ya munthu amene aiwerenge yekha, bola ntchito ndi masiku zikhale zofanana m'mafayilo onse awiri.