Musamusokere mwana thumba chonde

"Achemwali, ana anga akukula msanga, yunifolomu ya Seputembala ikufika Epulo itathina kale. Atelala akuti tingosoka zazikulu akule nazo. Ndivomere?"

Mayi, musavomere. Funso lanuli landikhudza chifukwa ineyo ndinalowa sitandade 1 ndi diresi lofika kuakakolo, mapewa ake ali m'mikono, poti "akula nalo". Pothamanga pa buleki ndimachita kulinyamula ndi manja, mpendero wonse unatha ndi fumbi ndi matope, anzanga nkumandiseka, ndipo pamene limadzandikwana linali litasuluka kale, pansi patang'ambika. Ndalama ija siinapulumuke ayi. Mpaka lero ndikaona kamwana kakukwekweza yunifolomu pamsewu mtima umandiwawa.

Komanso atelala ena apakhonde amandikwiyitsa, mumawapatsa nsalu yokwanira koma iwo msoko nkudula pafupi penipeni, ena kudutsitsa ovaloko yomwe imadya nsalu yonse yam'mbali, tsiku lofuna kukulitsa mupeza mulibe chomasula. Muziwauza pamaso kuti asiye nsalu m'misoko asanagwire sizasi. Ndipo nsalu ikakhala ya kotoni ichapeni kaye musanaipereke, imabwerera ikalowa m'madzi.

Nsalu yokulira ibisike mkati

Chovala chimukwane mwana lero, zotsalazo zikhale m'misoko ndi mumpendero. Mwana wa kupulayimale amatalika masentimita 5 kapena 6 pachaka, atsikana akamayandikira kutha msinkhu zimaposa pamenepo.

Titenge mtsikana wa zaka 9, chifuwa masentimita 64. Telala awonjezere 8 kuti azipuma bwino, diresi likhale 72. Misoko yam'mbali asiye masentimita 3 m'malo mwa 1.5 wa nthawi zonse. Misokoyo ndi iwiri ndipo uliwonse uli ndi nsalu yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndiye mukamasula 1.5 paliponse mwapeza masentimita 6, chifuwa chafika 78. Mpendero apinde masentimita 8 ndipo asoke ndi sitichi yotalikirana yosavuta kumasula. Diresi silifunika kutsika ndi msinkhu wonse womwe mwana watalika, pafupifupi 3 pachaka akwana, ndiye mwatsitsa kawiri ndipo popinda patsalabe. Koma diresi likakhala lotambalala kwambiri kunsi mpendero wakuya umachita makwinya, pamenepo bola kusoka mapindo awiri pamwamba pa mpendero odzamasula mtsogolo.

Mapewa ndi kolala sizikulitsika, apa muwonjezere sentimita imodzi basi. Mukaona mabatani akukokana kapena m'khwapa mukuluma, masulani m'mbali. Mapewa akathina ndiye kwatha, sokani china.

Pomasula mpendero pamatsala mzere wosuluka, nyowetsani ndi kusita, ukakana telala adutsitsepo sitichi uoneke ngati sitayilo. Kabudula wa mnyamata asiye 4 pamsoko wakumbuyo, lasitiki m'chiuno.