Mpeni wanga umene unasweka m'ndowa

"Achimwene, n'chifukwa chiyani malupanga okhota, akuthwa mbali imodzi, amadula bwino chonchi? Nanga chitsulo chimodzi chimauma bwanji kokuthwako, kumsana n'kumapindika osathyoka?"

Funso lanuli landikumbutsa tsiku lowawa. Nditangofika kuno ku Joni ndinkasula kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, makala ndikuwakolezera m'limu yagalimoto. Masabata atatu ndinalimbana ndi mpeni wautali wochokera ku sipuling'i. Utafiira ndinauviika wonse m'madzi ozizira. Ndinangomva kuti thee! Mng'alu kuchoka kokuthwa mpaka kumsana. Usiku umenewo sindinadye.

Agogo anga kumudzi ankasula makasu ndi nkhwangwa, ndipo ankaviika kokuthwa kokha. Ndili mwana ndinkayesa akusunga madzi. Ayi ndithu. Chitsulo chokhala ndi kaboni chikatentha kenako n'kuzizira mwadzidzidzi, m'kati mwake mumapangika matenisaiti, wouma kwambiri koma wosachedwa kusweka ngati galasi. Chikazizira pang'onopang'ono chimakhala chofewerapo, chopirira nkhonya.

Osula katana, lupanga lokhota la ku Japan, amachita zomwezo ndi dongo. Kumsana amamata lochindikala, kokuthwa kadongo kopyapyala, kenako amaviika m'madzi. Kokuthwa kumazizira msanga n'kuuma, msana wofundidwa umachedwa. Matenisaiti amatupa pang'ono pamene msana ukunyala, ndiye lupanga limakhotera kumsana m'madzi momwemo. Mzere wonga mtambo umene mumauona pa katana ndi malire a mbali youma ndi yofewayo.

Koma pano ndikutsutsa zimene ambiri amanena, zoti msana wa katana ukapindika umabwerera wokha m'malo. Msana wa katana si sipuling'i. Mukamenya mopendeka umapindika n'kukhala chipindikire, mpaka wina auwongole. Ubwino wake ndi wakuti lupanga silithyoka pakati.

Za kukhotako

Dulani phwetekere pongotsindika mpeni, aphwanyika. Kokani mpeniwo, ulowa wokha. Lupanga lokhota limadzikoka lokha, chifukwa mkono ukamazungulira, kokuthwa kumatsetsereka pa chinthucho. Komanso limagunda ndi kachigawo kakang'ono, mphamvu yonse n'kuthera pamenepo. Popeza ndi lakuthwa mbali imodzi, wosula amapepuza chitsulo pang'onopang'ono m'lifupi monse, msana n'kutsala wonenepa. Lakuthwa konsekonse lili ndi theka chabe la malo amenewo mbali iliyonse.

Mukafuna msana wobwerera m'malo ukapindika, chitani chonchi. Tenthetsani chitsulo mpaka maginito asiye kugwira, cha pa madigiri 770, n'kupitirirako pang'ono. Sipuling'i viikani m'mafuta, osati m'madzi ngati ine. Yesani ndi tupa, ikamaterereka ndiye kuti chauma. Chiikeni mu uvuni pa madigiri 200 maola awiri. Kenako palani chiwale, kokuthwa kukhale m'madzi, ndipo wotchani msana wokha mpaka usanduke wa buluu. Buluuyo akafika kokuthwa, kwafewa, muyambirenso kuviika.